Marezisita 7 pa batire imodzi: tiyambire pati kuti atsale mmodzi?

"Aphunzitsi, ndili mu Fomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. Malamulo a siriizi ndi paralelo ndinawaloweza, koma akasakanikirana mu seketi imodzi mutu umaima. Nayi yomwe yandisowetsa tulo:

```
+ ---R1---+---R3---+---R5---+
|         |        |        |
12 V      R2       R4       R6
|         |        |        |
- ---R7---+--------+--------+
```

R1 ndi maomu 9, R2 ndi 30, R3 ndi 16, R4 ndi 6, R5 ndi 5, R6 ndi 7, R7 ndi 3. Ndinaphatikiza R1 ndi R3 n'kupeza 25, R2 ndi R4 ndinaziika mu paralelo n'kupeza 5, kenako ndinawonjezera zotsalazo. Ndinapeza 45, koma yankho lomwe tinapatsidwa ndi 24. Ndikulakwitsa pati?"

Mwana wanga, khazika mtima pansi, chifukwa masamu ako alibe vuto. Ndawerengera ndekha: 30 ndi 6 mu paralelo amaperekadi 5, ndipo sunaphonye pophatikiza. Chimene chakusokeretsa ndi maso. Wakhulupirira maonekedwe a chithunzi, kuti zimene zagona pa mzere umodzi ndi siriizi ndipo zimene zaimirira moyandikana ndi paralelo. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikukonza mawailesi ndi kuphunzitsa achinyamata pa benchi, cholakwika chimenechi ndicho ndakumana nacho kwambiri, ndipo chimatha tsiku limodzi munthu akangodziwa poyang'ana.

Poyang'ana pake ndi pa mphambano, pamalo pamene mawaya atatu kapena kuposerapo akumana, pamene karenti imagawikana kapena kubwereranso pamodzi. Usanagwire kakyuleta, tenga pensulo uzipatse mayina. Pamene R1, R2 ndi R3 zakumana patche B. Pamene R3, R4 ndi R5 zakumana patche C. Tsopano yang'ana waya wapansi uja. Miyendo ya R2, R4 ndi R6 yonse yatera pa iye, ndipo pakati pawo palibe rezisita, ndi waya yekhayekha mpaka kukafika pa R7. Waya wopanda kanthu pakati, ngakhale atatalika chotani pa pepala, timamuwerenga ngati malo amodzi. Choncho pansi ponsepo ndi mphambano imodzi, D, osati zitatu. Ine ndimauza ana kuti audetse waya wotere ndi pensulo kuyambira uku mpaka uko, kuti diso lizolowere kumuona ngati dontho limodzi.

Ukatero, rezisita aliyense ali ndi kwawo kuwiri. R2 ali pakati pa B ndi D. R3 ali pakati pa B ndi C. R4 ali pakati pa C ndi D. R5 achoka pa C n'kukagwirana ndi R6, ndipo R6 atsikira pa D.

Marezisita awiri ali mu siriizi pokhapokha mwendo wa mmodzi utagwirana ndi mwendo wa mnzake popanda chachitatu chotulukira pamenepo. Karenti yonse yotuluka mwa woyambayo ilibe kwina kolowera, iyenera kudutsa mwa wachiwiriyo. Ndiye yesa R1 ndi R3. Pakati pawo pali B, ndipo pa B pali R2 amene akupatutsa gawo la karenti kupita nalo pansi. Karenti ya mu R1 si yofanana ndi ya mu R3, choncho sungawaphatikize, ngakhale agona pa mzere umodzi ngati nyumba za m'mbali mwa msewu.

Marezisita awiri ali mu paralelo pokhapokha miyendo yawo yonse iwiri itatera pa mphambano ziwiri zomwezo. Mwendo umodzi wokha sukwanira. R2 ndi R4 akumanadi pansi pa D, koma kumwamba R2 ali pa B pomwe R4 ali pa C, ndipo pakati pa B ndi C pali R3 amene akudya gawo la voliteji. Mphamvu yokankha karenti mu R2 si yofanana ndi yokankha mu R4. Pamenepo m'pamene panalowera 5 wako uja, yemwe sanayenere kukhalapo.

Tsono tiyambire pati? M'maseketi a maonekedwe a makwerero ngati iyi, yambira kutali ndi batire, ubwerere chakumbuyo. Kumapeto kwenikweni n'kumene umapeza kagulu kosavuta, kopanda nthambi zina zotulukamo. R5 ndi R6 agwirana pakona, ndipo pakonapo palibe waya wachitatu. Wina wagona, wina waimirira, koma zimenezo ndi za wojambula chabe. Ali mu siriizi.

```
R56 = 5 + 7 = 12 Ω
```

Apa ndikupemphe chinthu chimene ophunzira ambiri amachiona ngati chotaya nthawi: jambulanso seketi yonse, m'malo mwa R5 ndi R6 uikemo rezisita mmodzi wa maomu 12. Uchite zimenezi pa sitepe iliyonse. Munthu akamasunga chithunzi m'mutu, amaiwala kuti rezisita wina wamugwiritsa kale ntchito n'kumuwerenganso kachiwiri, kapena kumusiya kumene. Pa chithunzi chatsopanocho uona chinthu chimene sichinkaoneka poyamba. Rezisita watsopano wa 12 ali pakati pa C ndi D, ndipo R4 wa 6 alinso pakati pa C ndi D. Miyendo yonse iwiri yagwirizana. Iyi ndi paralelo yeniyeni.

```
1/R = 1/6 + 1/12 = 2/12 + 1/12 = 3/12
R = 12/3 = 4 Ω
```

Ndiime kaye pang'ono pano, chifukwa pa mzere wachiwiriwo pamagwa anthu ambiri. Ukaphatikiza tizigawoto, chimene wapeza ndi 1/R, osati R. Uyenera kutembenuza, chapansi chipite pamwamba. Woiwala amalemba 0.25 n'kupitirira nayo. Mwina unamva lamulo loti yankho la paralelo liyenera kuchepera rezisita wamng'ono kwambiri m'gululo. Lamuloli ndi loona, pakuti kutsegula njira yachiwiri kumapeputsa kuyenda kwa karenti, monga momwe madzi a m'dimba amathamangira ukatsegula ngalande ina pambali pa yoyamba. Koma lamulo limeneli palokha siligwira woiwala kutembenuza, poti 0.25 nayenso ndi wochepera 6. Choncho ndimaphunzitsa mpanda wa mbali ziwiri. Pa marezisita awiri, yankho limakhala lochepera wamng'onoyo koma silitsika kupitirira theka lake. Apa wamng'ono ndi 6, ndiye yankho liyenera kukhala pakati pa 3 ndi 6. Ukapeza 4, uli m'kati. Ukapeza 0.25, wadziwa pomwepo kuti china chalakwika. Theka lenilenilo limapezeka awiriwo akakhala ofanana, monga 6 ndi 6 amene amapereka 3. Akakhala atatu, malire apansi ndi wamng'onoyo kugawa ndi 3.

Pali njira yachidule ya marezisita awiri: kuchulukitsa awiriwo, n'kugawa ndi chiphatikizo chawo. Apa ndi 72 kugawa ndi 18, yankho 4 yemweyo. Ndimaikonda chifukwa ilibe zotembenuza. Koma ndi ya awiri okha. Ukaiyesa pa atatu, tinene 6, 12 ndi 4, upeza 288 kugawa ndi 22, kupitirira 13, pomwe yankho loona ndi 2. Akakhala atatu, gwiritsa ntchito tizigawo, kapena uphatikize awiri kaye, chotulukacho uchiphatikize ndi wachitatu.

Jambulanso. Tsopano pakati pa C ndi D patsala rezisita mmodzi wa maomu 4. Yang'ana C bwinobwino. Poyamba panali mawaya atatu, pano patsala awiri, wa R3 ndi wa rezisita watsopanoyu. C wasiya kukhala mphambano. Ichi ndicho chinsinsi cha njira yonseyi: gulu lililonse ukalipinda kukhala mmodzi, mphambano ina imafafanizika kapena nthambi ina imachepa, ndipo siriizi kapena paralelo yatsopano imaonekera imene sinalipo pa chithunzi choyamba. R3 sanali mu siriizi ndi R4 kapena ndi R5, koma ali mu siriizi ndi gulu lonse la kuseri kwake.

```
16 + 4 = 20 Ω
```

Rezisita wa 20 ameneyu akuchoka pa B kukafika pa D. R2 wa 30 nayenso akuchoka pa B kukafika pa D. Mnzake weniweni wa R2 mu paralelo wapezeka tsopano, ndipo si R4 yekha, ndi chigawo chonse cha kumanja.

```
(20 × 30) / (20 + 30) = 600 / 50 = 12 Ω
```

Mpanda wathu ukuti yankho likhale pakati pa 10 ndi 20, ndipo 12 ali m'kati. Chithunzi chomaliza ndi mkombero umodzi wopanda nthambi: kuchoka ku batire, R1, rezisita wa 12, R7, kubwerera ku batire. R1 ali pamwamba, R7 ali pansi, sanayandikane n'komwe, koma karenti yonse yochoka ku batire imadutsa mwa R1 ndipo yonse yobwerera imadutsa mwa R7.

```
9 + 12 + 3 = 24 Ω
```

Ndi ameneyo 24 wako. Tanthauzo lake n'lakuti batire singasiyanitse pakati pa marezisita 7 aja ndi rezisita mmodzi wa maomu 24. Konse kuwiri itulutsa karenti yofanana.

Pali china chimene chikanakuchenjeza usanayang'ane n'komwe yankho. Tsata ndi chala njira imodzi yokha yochoka ku batire n'kubwerera, yodutsa mwa R1, R2 ndi R7. Ukaphatikiza ndi 42. Nthambi zina zonse zimangowonjezera njira, ndipo njira yowonjezera imachepetsa rezisitansi, siichulukitsa. Choncho yankho silingapose 42. Komanso R1 ndi R7 palibe njira yowalambalala, ndiye yankho silingachepere 12. Nambala ya 45 inali kunja kwa mpanda kuyambira pachiyambi. M'chipinda cha mayeso, kuyesa kotereku kumatenga masekondi ochepa, ndipo kumakuuza ngati uyenera kubwerera kapena kupitirira ku funso lina.

Ukafuna kutsimikiza kotheratu, tambasulanso zimene unapinda, kuchokera ku batire kupita kutali. Zithunzi unajambula zija zikuthandiza pano. Mavoliti 12 kugawa ndi maomu 24 ndi maampeya 0.5. R1 akudya 0.5 kuchulukitsa ndi 9, mavoliti 4.5, ndipo R7 akudya 1.5. Patsala mavoliti 6 pakati pa B ndi D. Mu R2 mukudutsa 6 kugawa ndi 30, maampeya 0.2, ndipo mu nthambi ya R3 mukudutsa 6 kugawa ndi 20, maampeya 0.3. Kuphatikiza ndi 0.5, karenti yomwe inalowa pa B. Ona apa ndi maso ako kuti mu R1 muli 0.5 pomwe mu R3 muli 0.3, umboni woti sanali mu siriizi. Pitirira: R3 akudya 0.3 kuchulukitsa ndi 16, mavoliti 4.8, ndiye pakati pa C ndi D patsala 1.2. R2 ali ndi mavoliti 6, R4 ali ndi 1.2 okha, umboni woti sanali mu paralelo. Mu R4 mukudutsa 0.2, mu R5 ndi R6 mukudutsa 0.1, zonse pamodzi 0.3. Manambala akakumana chonchi pa mphambano iliyonse, palibe amene angakutsutse.

Misampha iwiri ing'onoing'ono uisamale. Woyamba ndi kusakaniza maomu ndi makiloomu. Ukapatsidwa 1 kΩ ndi 470 Ω mu paralelo, sandutsa woyambayo akhale 1000, ndipo upeza pafupifupi 320. Wachiwiri ndi waya wopanda kanthu wolambalala rezisita. Miyendo yonse iwiri ya rezisita ikakhala pa mphambano imodzi, mulibe karenti mwa iye, mufufute pa chithunzi. Mu seketi yakoyi, waya atalumikiza C ndi D mwachindunji, R4, R5 ndi R6 onse atuluka m'masamu, ndipo R3 wa 16 akhala yekha mu paralelo ndi R2. Olemba mayeso amakonda kubisa waya wotere, ndipo kudetsa mphambano ndi pensulo kumamuulula.

Zimenezi si za pa pepala pokha. Ndili mnyamata, ndikungoyamba ntchito, anandibweretsera wailesi yosalankhula. Ndinaika malitimita pa rezisita wina ali pa bolodi. Mizere yake inali yofiirira, yakuda ndi ya olenji, kutanthauza makiloomu 10, koma mita inawerenga pafupifupi 6.9. Ndinati ndapeza wolakwa, ndinamuchotsa n'kuika watsopano, ndipo mita inawerenganso 6.9. Nditatsata tinjira ta mkuwa kuseri kwa bolodi ndinapeza kuti panali rezisita wina wa makiloomu 22 amene anali naye mu paralelo kudzera mu koilo ya waya wonenepa. Werengera wekha, 220 kugawa ndi 32, upeza pafupifupi 6.9. Mita sinaname, inandipatsa rezisitansi ya gulu lonse lomwe linali pakati pa nsonga zake ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafuna kuyeza rezisita mmodzi ndimasungunula mwendo umodzi n'kuudzutsa pa bolodi. Ndinaphunziranso kuwerenga chizindikirocho mbali inayo: rezisita ali pa bolodi akawerenga zochepera mizere yake, mwina ndi anzake a paralelo chabe, koma akawerenga zochuluka kwambiri kuposa mizere yake, ameneyo ndiye wokayikitsa, chifukwa njira za pambali sizingakweze nambala.

Ngati kusukulu kwanu kuli malitimita, pempha aphunzitsi a Fizikisi muyese limodzi. Marezisita atatu a 1 kΩ akwanira. Awiri mu paralelo ndi wachitatu mu siriizi akupatsa maomu 1500. Awiri mu siriizi ndi wachitatu mu paralelo ndi gululo akupatsa pafupifupi 667. Usadabwe mita ikasiyana pang'ono ndi pepala. Rezisita wa mzere wagolide amaloledwa kuphonya ndi 5 pa 100 aliwonse, ndiye wa 1000 atha kukhala pakati pa 950 ndi 1050. Ndasankha a makiloomu mwadala, chifukwa pa timaomu tochepa ngati 3 kapena 5, mawaya a mita omwewo amawonjezera kagawo kooneka. Poyeza usagwire miyendo yonse iwiri ndi zala, pakuti thupi lako limalowa mu paralelo, ndipo pa marezisita akuluakulu nambala imatsika. Rezisitansi timayeza batire itachotsedwa nthawi zonse. Ndipo chilichonse chimene chimalowa pa soketi ya m'nyumba, pa mavoliti 230, usachitsegule wekha. Makapasita a m'kati mwake amatha kusunga mphamvu ngakhale utazula pulagi. Zimenezo uziphunzire uli pambali pa munthu wodziwa ntchitoyo.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino uwadziwe kuti usadziimbe mlandu pachabe. Pali maseketi ena amene, ngakhale utatchula mphambano zonse molondola, supezamo awiri a siriizi kapena awiri a paralelo. Wodziwika kwambiri ndi mlatho wa Wheatstone: nthambi ziwiri za marezisita awiriawiri, ndi rezisita wachisanu wolumikiza pakati pa nthambi ina ndi pakati pa inzake. Wachisanuyo amasandutsa pakati ponse pawiri kukhala mphambano, ndiye siriizi yatha, paralelo palibe. Ngati nthambi ziwirizo zikugawa voliteji mofanana, tinene ina ili ndi 10 ndi 20, inayo 30 ndi 60, ndiye kuti mwa wachisanuyo simudutsa karenti. Umuchotse, utsale ndi 30 mu paralelo ndi 90, yankho 22.5. Koma zikasiyana, pamafunika malamulo a Kirchhoff kapena kusandutsa delita kukhala sitala, ndipo pamenepo pita kwa aphunzitsi ako ndi chithunzi chako cholembedwa mayina a mphambano, muwauze kuti wafufuza siriizi ndi paralelo koma sunapeze. Aona msanga ngati ndi mlathodi kapena pali waya amene sunamuone.

Kumbukiranso kuti masamu onsewa akuganiza kuti rezisitansi ya chinthu sisintha. Pa marezisita wamba zili choncho ndithu. Koma babu la kawaya koyaka limakhala ndi rezisitansi yochepa likazizira ndi yochuluka kangapo likayaka, ndipo dayodi kapena LED sitingaipatse nambala imodzi ya maomu n'kuiphatikiza monga tachitira pano.

Usiku uno bwerera ku seketi yako yomweyo, usinthe chinthu chimodzi: chotsa R4, ngati kuti wapsa n'kuduka. C asiya kukhala mphambano kuyambira pachiyambi, ndipo R3, R5 ndi R6 akhala mu siriizi, maomu 28. Usanawerengere, nena kaye ngati yankho likwere kapena litsike kuchoka pa 24. Kenako uike 28 mu paralelo ndi 30, uwonjezere R1 ndi R7. Ukapeza pafupifupi 26.5, wayenda bwino.